Mwati bwanji? Za kufunsa kosaloza chala

Pali kayankho kena kamene timakatumiza pafupifupi tsiku lililonse osakaganizira. Munthu wakulembera meseji yosokonekera, mawu ena osamaliza, ena osalumikizana, iwe n'kungomubwezera zizindikiro zitatu: "???" Ena amalemba kuti "mukuti chani kodi", ena "lembani zomveka". Tikatero timaona ngati tangofunsa funso basi. Koma wolandira yankho loterolo samva funso lokha. Amamvanso ngati mwamuweruza kuti walephera kulemba, ndipo mwamusiyira iyeyo ntchito yokonza zomwe zasokonekera.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti anthu awiri akalephera kumvana, kulepherako n'kwa ndani. Ndipo ngati sitikudziwa mwini wake, tili ndi ufulu wanji womusenzetsa mnzathu mtolo wonsewo ndi mawu oyamba amene tamuyankha?

Pakamwa nkhaniyi tinaithetsa kalekale. Mwana akaitanidwa ndi agogo ake ndipo sanamve bwino, sanena kuti "mukuyankhula motsitsa". Amayandikira, mwina kugwada kumene, n'kunena kuti "wawa?" kapena "pepani, sindinamve." Akulu okhaokha amati "mwati bwanji?" Taonani mwini mneni m'mawu amenewa. Pa "sindinamve", amene sanachite kanthu ndi ine. Pa "mwati bwanji?" inu mwanena ndithu kanthu, kamene ndikuvomereza kuti kalipo ndipo n'kofunika kukamva. M'mawu onsewa mulibe amene akuimbidwa mlandu. Kuwonjezera apo nkhope imathandiza. Kupendeketsa mutu ndi kamwetulira zimauza woyankhulayo kuti tidakali limodzi.

Akatswiri a zilankhulo anaifufuzapo nkhani imeneyi. M'chaka cha 2015, Mark Dingemanse ndi anzake a ku Max Planck Institute ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands, anafalitsa zomwe anapeza atamvetsera macheza wamba a anthu m'zilankhulo 12. Anapeza kuti anthu amaimitsana kuti amvetsetsane pafupipafupi kwambiri, pafupifupi kamodzi pa mphindi imodzi ndi theka iliyonse. Anapezanso kuti kafunsidwe kake kali m'magulu atatu. Pali kufunsa kotambalala, monga "aa?", kumene sikuonetsa pomwe pavuta. Pali kufunsa koloza malo, monga "ndani?" kapena "zingati?" Ndiye pali kufunsa kopereka yankho loti mnzako angovomera kapena kukana, monga "mukutanthauza Lachisanu?" Chimene chinandigwira mtima n'chakuti m'zilankhulo zonsezo, anthu amasankha funso lolunjika kwambiri limene angathe. Wofunsa amayesetsa kugwira gawo lake la ntchito kuti woyankha asavutike kubwereza zonse.

Apa ndi pamene "???" amaonekera poyera. Ali m'gulu loyamba lija, kufunsa kotambalala, koma pa foni alibe nkhope yowafewetsa. Pakamwa "aa?" amakhululukika chifukwa mawu amauluka, ukaphonya waphonya. Meseji siuluka. Ili pa sikirini, ukhoza kuiwerenga kasanu. Ndiye ukayankha ngati sunatolepo kanthu, ukunena kuti m'zonse zomwe munthuyo walemba mulibe mawu ngakhale amodzi ogwirika. Kawirikawiri zimenezo si zoona.

Tisanaweruze, tiyeni tione mmene meseji imabadwira kuno kwathu kunyanja. Munthu amene ali padoko ku Makawa, ku Malindi kapena ku Msaka m'mawa, mabwato akukocheza, salemba atakhala pampando. Manja ali ndi mamba ndi mchenga, dzuwa likuwala pa sikirini moti zilembo sizikuoneka bwino, wina akumukoka malaya kuti mtengo wasintha. Foni ina ndi ya mabatani ofufutika. Ina ndi yamakono, koma kiyibodi yake sidziwa Chichewa, imangosintha mawu kuti afanane ndi a Chingerezi. Batire latsala pang'ono, ndipo kotchajitsa n'kolipira.

Pamwamba pa zonsezi pali chilankhulo. Anthu ambiri a m'boma la Mangochi anayamwa Chiyao, Chichewa anachipeza kusukulu ndi kumsika, ndipo amachilemba mmene amachiyankhulira. Chilembo cha h chimagwa, "phala" n'kukhala "pala". Amene anapita patali ndi sukulufe timafulumira kuona zimenezi ngati kulakwitsa, kuiwala kuti munthuyo akulemba m'chilankhulo chake chachiwiri, pomwe ambiri mwa ife sitingalembe chiganizo chimodzi cholongosoka m'Chiyao. Ngakhale Chichewa cha mwini wake chili ndi misampha. Sitilemba kukwera ndi kutsika kwa mawu, n'chifukwa chake "mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa usipa amaoneka chimodzimodzi, ngati "khungu" la pathupi ndi "khungu" la m'maso. Khutu limasiyanitsa, diso silingathe.

Choncho meseji ikafika yosokonekera, oganiziridwa ndi ambiri: dzuwa, batire, kiyibodi, kalembedwe ka Chichewa chathu, changu cha padoko, ndi ine wowerenga amene sindikudziwa zomwe zikuchitika kumeneko. Wolembayo ndi mmodzi chabe mwa iwo, koma yankho lathu limagwira iye yekha.

Ndipereke chitsanzo chenicheni. Azakhali anga amagula usipa wauwisi padoko la Msaka, kuseri kwa Monkey Bay, n'kuuyanika pa thandala. Ukauma amaulongedza m'matumba, galimoto n'kuutengera ku Limbe. Ine ndimaikapo kangachepe pa mpamba wawo, ndimatumiza pa foni kuchokera kuno ku boma. Tsiku lina m'nyengo ya mwera ndinalandira izi:

"mwanangu usipa wauma osatumiza ndlama 85 galimoto mawa mwela anyamata sanapite bigili"

Choyamba chimene munthu ayenera kuchita ndi kusankhula, ngati mmene timasankhulira mpunga. Zomveka uziike mbali ina, zosamveka mbali ina. Zomveka pano zilipo zambiri ndithu. Usipa umene unali pa thandala wauma. Kunja kuli mwera, mphepo ija yochokera kummwera imene imavutitsa panyanja m'miyezi yozizira, ndipo anyamata a chilimira sanalowe m'madzi. Pali nkhani ya galimoto. Pali nkhani ya ndalama. Meseji imene poyamba imaoneka ngati phala, theka lake n'lomveka bwinobwino.

Zosamveka zilipo zitatu. Choyamba ndi mawu akuti "osatumiza". M'Chichewa cholembedwa amatanthauza kuletsa: usatumize. Koma m'Chichewa choyankhula, mawu omwewo akakwera kumapeto amasanduka kukulimbikitsa: osatumiza ndalama bwanji, ukudikira chiyani? Matanthauzo awiri otsutsana, ndipo chowasiyanitsa ndi chizindikiro cha funso chimene azakhali salemba. Chachiwiri ndi 85. Masiku ano tikamatchula ndalama timadula maziro. Ikhoza kukhala K85,000 ya galimoto. Ikhoza kukhala K8,500, mtengo wa bigili imodzi, kachidebe ka malita asanu kamene amayezera usipa. Ikhozanso kukhala K85,000 ya mabigili khumi. Chachitatu ndi "mawa". Pa WhatsApp, meseji yolembedwa netiweki kulibe imakhala ndi kachizindikiro ka wotchi mpaka netiweki itabwera, ndiye "mawa" wolembedwa usiku akhoza kukupeza ali "lero".

Apa pali zinthu zoti zikhoza kutayika. Ndikatumiza ndalama pomwe andiletsa, ndawononga ya ejenti, ndipo azakhali atsala ndi ndalama zambiri m'foni padoko popanda chogula. Ndikapanda kutumiza pomwe akudikira, galimoto iwasiya, usipa ugona m'matumba, ndipo usipa wouma ukakhalitsa umafumbwa ndi kuphwanyika, mtengo n'kutsika. Kungoganizira n'kuchita sikungathandize. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kufunsa n'kofunika, nkhani yagona pa kafunsidwe.

Mayankho amene amabwera msanga m'mutu ndi awa. "Sizikumveka zimenezi." Apa chiweruzo chagwera meseji yonse, ndi zomveka zomwe. "Mukutanthauza chiyani?" Likuoneka laulemu, koma likupempha munthu wa manja a mamba kuti alembenso zonse kuyambira pachiyambi, osamuuza pomwe pavuta, ndiye akhoza kubwereza mawu omwe aja. "Mwalemba osatumiza, kenako mwalembanso 85, ndiye chenicheni n'chiti?" Limeneli lili ndi ubwino woloza malo, koma tamvani kamvekedwe kake. Mneni "mwalemba" wabwera kawiri, ngati wapolisi akuwerengera munthu zomwe ananena dzulo kuti amugwire bodza. Ndipo "chenicheni n'chiti" akutanthauza kuti china mwa ziwirizo n'chonama.

Yankho limene ndinatumiza linali ili:

"Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaulandira, zikomo. Ndamva kuti usipa wauma komanso anyamata sanalowe panyanja chifukwa cha mwera. Pa ndalama pokha ndi pamene ndikufuna ndimvetsetse ndisanapite kwa ejenti. Nditumize K85,000 lero, kapena ndiyambe ndadikira? Ngati muli otanganidwa ingofulashani, ndikuimbirani."

Moni uja si wongokongoletsa. Kwathu kuno funso lobwera popanda moni limamveka ngati kukalipa, makamaka likuchokera kwa mwana kupita kwa wamkulu. Mawu atatu amenewo ndi amene akulowa m'malo mwa kugwada ndi kupendeketsa mutu kuja.

Kubwereza zomwe ndamva kuli ndi ntchito ziwiri. Kukuwauza kuti kulemba kwawo sikunapite pachabe. Komanso ngati ndamva molakwika ngakhale pamene ndimaona ngati ndamva, iwo aona ndi kundiwongola. Mawu akuti "pokha" akuchepetsa vuto kuti likhale la kukula kwake kwenikweni, malo amodzi osati meseji yonse. Kutchula ejenti kukupereka chifukwa chofunsira: ndikufunsa chifukwa ndili pafupi kuchita kanthu ndi mawu awo, osati chifukwa ndikuwayesa mayeso a kalembedwe.

Funso lenilenilo ndi la gulu lachitatu lija, loti munthu angosankha. Lingayankhidwe ndi mawu amodzi, ndi chala chimodzi. Ndinalemba ndalamayo yonse ndi maziro ake kuti ngati 85 ija ili ndi tanthauzo lina, aone okha kusiyana. Ndipo ndinafunsa funso limodzi ngakhale zosamveka zinali zitatu. Ukamuponyera munthu wotanganidwa mafunso atatu, amayankha lomaliza lokha, kapena amamva ngati ali pa bwalo la milandu. Umasankha funso limene likutsekereza zochita zako, enawo amadikira. Nthawi zambiri yankho la loyamba limamasula ndi enawo.

Patapita kanthawi yankho linabwera: "dikila". Madzulo titayankhulana zonse zinalumikizana. Chifukwa cha mwera usipa unasowa padoko, wochepa umene unalipo unafika K8,500 pa bigili, ndiye iwo anaona kuti kugula pa mtengo umenewo n'kutaya mpamba. Galimoto ya mawa inali yotenga wouma uja, ndipo anali atalipira kale. Meseji ija inali ndi nzeru zonse za munthu wodziwa malonda ake, kungoti mawu olumikiza anatsala padoko.

Tsopano wina akhoza kunena kuti, aise, kodi kumeneku si kunyengerera? Ngati munthu walemba zosamveka, kumuuza kuti walemba zosamveka n'chilungamo, ndipo kuzungulirazungulira n'chinyengo chovala ulemu. Funso limeneli ndimalitenga mozama, chifukwa kufatsa kwina kumakhaladi bodza. Ambiri timakonda kunena kuti "meseji yanu yafika yoduka, mwina ndi netiweki", pomwe tikudziwa kuti yafika yathunthu. Timanamizira netiweki kuti tipulumutse nkhope ya mnzathu. Ine njira imeneyi sindigwirizana nayo, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, sigwira ntchito: munthu akamva kuti meseji yaduka, amangoitumizanso yomweyo, ndipo mwabwerera pomwe munali. Chachiwiri, muli kunyoza kobisika. Mwagamula kale mumtima kuti wolakwa ndi iyeyo, kenako mwagamulanso kuti ndi wosalimba moti sangapirire choonadi.

Yankho lija lilibe bodza ngakhale limodzi. Uthenga ndinaulandiradi. Za usipa ndi mwera ndinamvadi. Pa ndalama ndinkafunadi kumvetsetsa. Chomwe ndinasiya ndi chiganizo chimodzi chokha, chakuti vuto ndi inuyo, ndipo ndinachisiya chifukwa sindinkadziwa ngati n'choona. Chimene ndimadziwa motsimikiza pamene meseji yandisokoneza n'chakuti ine sindinamvetse. Zakuti iyo ndi yosamveka ndi nkhani ina, imene ikufuna umboni. Mayi wina wogulitsa usipa pa thandala loyandikana nalo akanaiwerenga meseji ija, mwina akanaimva nthawi yomweyo, chifukwa akudziwa mtengo wa tsikulo ndipo mwera ukumuwomba kumaso. Ndiye kunena kuti "sindinamvetse" sikudzichepetsa kwa chiphamaso ayi. Ndi kunena zokhazo zimene uli nazo umboni.

Pali chovuta china chachikulu. Tonse tinalandirapo meseji ija yotchuka yakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Akuba a pa foni amadalira kusamveka komweku. Amalemba mwachidule, ngati m'bale amene ali pa changu, kuti iwe udzaze wekha mipata ndi dzina la munthu amene umamukonda. M'boma ngati lathu, kumene mabanja ambiri ali ndi wina ku Joni ndipo nambala zachilendo si zachilendo kwenikweni, msampha umenewu umagwira. Kodi pamenepa kuganizira mnzako zabwino si kupusa?

Ndikuona kuti tiyenera kusiyanitsa mawu ndi zochita. Pa mawu ukhoza kukhala wofatsa mpaka pamapeto, pa ndalama n'kukhala wouma ngati mwala. "Zikomo, ndisanatumize ndikuimbirani pa nambala yanu yakale ija kuti timvane" ndi chiganizo chimene sichikutchula aliyense wakuba. Ngati ndi m'bale wakodi amene wabwereka foni, sakhumudwa, ndipo mumvana. Ngati ndi wakuba, wagwa nayo, chifukwa nambala yakaleyo ayankha ndi mwini wake. Yerekezani ndi "ndinu ndani inu, akuba eti?" Wakuba sizimupweteka, amangopita pa nambala ina. Amene zimamulasa ndi mlamu wako amene foni yake yagwera m'madzi ndipo wabwereka ya mnzake. Mawu aukali amalanga wosalakwa yekha, pomwe funso lofatsa lotsimikiza limakuteteza mofanana popanda kuvulaza munthu.

Kufatsa kumeneku kuli ndi malire ake. Meseji yosokonekera ikakhala ndi mawu ngati chipatala, bwato, mwana kapena ngozi, si nthawi yopanga ziganizo zokongola. Imba foni. Munthu amene manja akunjenjemera salemba molongosoka, ndipo kusokonekera kwa meseji yake ndi gawo la uthengawo. Kumufunsa kuti asankhe pakati pa matanthauzo awiri pamenepo ndi nkhanza, ngakhale utayamba ndi moni. Malire ena ndi akuti ukafunsa kawiri osamvana, usafunse kachitatu polemba. Funso lachitatu, ngakhale lofatsa bwanji, limayamba kumveka ngati kutopa. Sinthani njira, imbani kapena tumizani mawu ojambula, makamaka kwa munthu amene kuyankhula kumamuphwekera kuposa kulemba.

Ndaonanso kuti kafunsidwe kathu kamatsata udindo. Bwana kuntchito akatumiza meseji yosamveka, timaiwerenga kanayi, timafunsa anzathu, kenako timalemba mosamala kuti "pepani bwana, kuti ndisalakwitse, mukunena lipoti la mwezi uno kapena watha?" Luso lonse lija tili nalo, palibe anatiphunzitsa. Koma meseji yofanana nayo ikachokera kwa wakabaza amene amatinyamula, kwa mtsikana wantchito, kapena kwa mayi athu kumudzi, timatumiza "???" Ndiye vuto si kusadziwa kalembedwe. Timasankha amene tikumuona woyenera mphindi ziwiri zathu, ndipo kawirikawiri amene timawamana mphindizo ndi omwe kulemba kumawavuta kwambiri, amene meseji imodzi yawatengera nthawi yaitali ndi mayunitsi owerengeka.

Zotsatira zake siziwonekera tsiku lomwelo. Munthu amene wauzidwa kangapo kuti salemba zomveka sakangana nawe. Amangochepetsa kulemba. Amayamba kutuma mwana wa sukulu kuti amulembere, ndiye nkhani zimene sangauze mwana, za matenda, za ngongole, za m'banja, sizikufikanso. Iwe n'kumadabwa kuti masiku ano kumudzi kuli zii, anthu akungotumiza moni basi.